Mwana Akalemba Kuti 1/2 + 1/3 = 2/5

M'makope a masamu a ana a m'makalasi apamwamba a pulayimale muli samu imodzi imene imalakwidwa mofanana kulikonse. Aphunzitsi alemba 1/2 + 1/3, mwana wayankha 2/5. Waphatikiza 1 ndi 1 pamwamba n'kupeza 2, waphatikiza 2 ndi 3 pansi n'kupeza 5. Palibe pamene waphonya kuwerenga, ndipo walemba mwaukhondo. Komabe aphunzitsi amuthetha, ndipo kope lafika kunyumba mwini wake asakudziwa chimene walakwa.

Makolo ambiri amene amakumbukirako masamu a kusukulu amayankha mwachidule: "Za pansi saphatikiza." Mwana akafunsa chifukwa chake, amamuuza kuti ndi lamulo. Lamulolo ndi loona, koma likaperekedwa lopanda chifukwa limabala cholakwa china. Mawa lake mwana uja aphatikiza za pamwamba zokha monga anauzidwira, kenako ayang'ana 2 ndi 3 amene ali pansi, asowa chochita nawo, n'kungotolapo mmodzi. Yankho lisanduka 2/3, mwina 2/2. Wamvera lamulo, samu walakwabe.

Tisanamudzudzule, tione kumene 2/5 wachokera. Kuyambira m'makalasi oyambirira mwanayu waphunzitsidwa kuti pophatikiza, nambala iliyonse imapita kwa mnzake woyang'anizana naye: pa 21 + 34, 1 amapita kwa 4 ndipo 2 amapita kwa 3. Njira imeneyi sinamugwiritsepo mwala. Tsono akaona 1/2 + 1/3 maso ake akuona manambala anayi, awiri pamwamba ndi awiri pansi, ndiye akuchita zimene wakhala akuchita zaka zonsezi. Chimene sanachigwire n'chakuti 1/2 si manambala awiri osanjikizana. Ndi nambala imodzi, yokhala ndi kukula kwake, yokhala pakati pa 0 ndi 1.

Vutoli si la ana athu okha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pa kafukufuku wa maphunziro wa dziko lonse la Amereka, ana a zaka 13 anafunsidwa kuti angoyerekeza, osawerengetsa, kuti 12/13 + 7/8 ikuyandikira nambala iti mwa izi: 1, 2, 19 kapena 21. Fulakishoni iliyonse pa ziwirizi yangotsala pang'ono kukwana chinthu chathunthu, choncho yankho ndi 2. Ana 24 okha pa 100 alionse ndiwo anasankha 2. Oposa theka anasankha 19 kapena 21, kutanthauza kuti anaphatikiza za pamwamba zokha kapena za pansi zokha. Mwana amene akuvomera kuti zinthu ziwiri zosakwana n'komwe zathunthu zingapange 21 ndiye kuti sakuona kukula kwa fulakishoni. Akungosuntha manambala. N'chifukwa chake ine ndimati ntchito ya kholo isayambire pa njira yolondola yophatikizira. Iyambire pomuonetsa mwana kuti 2/5 ndi yankho losatheka, ndipo aone yekha ndi maso ake.

Yambani ndi funso la pakamwa

Tsekani kope. Mufunseni ngati mukucheza: "Iwe, ndikakupatsa theka la buledi m'mawa, madzulo n'kukupatsanso theka lina, wadya buledi wochuluka bwanji?" Palibe mwana wa msinkhu umenewu amene angalephere. Ayankha kuti wathunthu. Ndiye tsegulani kope, lembani 1/2 + 1/2, mumuuze aphatikize mwa njira yake ija. Alemba 2/4.

Apa musafulumire kulankhula. Mufunseni kuti 2/4 ya buledi ndi yochuluka bwanji. Ngati sakudziwa, pindani pepala kawiri kuti likhale ndi magawo anayi, aloze awiri. Aona kuti ndi theka. Tsono ali ndi mayankho awiri a funso limodzi: pakamwa wanena wathunthu, pa pepala walemba theka. Mufunseni kuti akukhulupirira liti. Ana ena amaseka, ena amakwiya, ena amayesa kuteteza mayankho onse awiri ponena kuti masamu a m'kope ndi osiyana ndi buledi. Amene wanena zimenezi wakuuzani zoona za mmene amaonera masamu a kusukulu, ndipo ndi iyeyo amene akufunika kwambiri kugwira zinthu ndi manja.

Thireyi ya mazira

Chida chabwino kuposa zonse pa samu ya 1/2 + 1/3 ndi thireyi ya mazira yopanda kanthu, ija ya pepala imene imapezeka pa golosale iliyonse. Ili ndi timaenje 30, ndipo 30 amagawika bwino ndi 2, 3, 5 ndi 6, manambala onse amene nkhaniyi ikuwafuna. Mukaiyang'ana mbali imodzi ili ndi mizere 6 ya timaenje 5, mukaitembenuza ili ndi mizere 5 ya timaenje 6. M'malo mwa mazira gwiritsani ntchito timiyala ndi zitsekerero za mabotolo, kuti pakhale mitundu iwiri yosiyana maonekedwe.

Choyamba gwirizanani kuti thireyi yonse ndiyo chinthu chathunthu, ndiyo 1. Mfundo imeneyi inenedwe momveka, chifukwa zonse zotsatira zatsamira pa iyo. Kenako mumuuze adzaze theka la thireyi ndi timiyala. Awerenga 15. Mufunseni kuti gawo limodzi mwa magawo atatu ofanana a thireyi yomweyo ndi timaenje tingati. Apeza 10. Aike zitsekerero 10 m'timaenje totsala, moyandikana ndi timiyala tija. Tsopano mu thireyi muli zinthu 25, ndipo timaenje 5 tokha ndito tatsala topanda kanthu. Imeneyo ndiyo 1/2 + 1/3, ili patsogolo pake.

Ndiye bwererani ku yankho lake lija. Kukambirana kungayende motere:

"Iwe unalemba 2/5. Tandionetsa 2/5 ya thireyi."

"Ndigawe pasanu, amayi?"

"Eya. Gawo limodzi ndi mazira angati?"

"Sikisi. Awiri ndiye thwelofu."

"Poyamba paja unali ndi angati, usanawonjezere kanthu?"

"Fifitini."

"Ndiye unali ndi mazira fifitini, ndakuwonjezera ena, watsala ndi thwelofu?"

Nthawi zambiri funso limeneli limakwanira. Mwana aliyense amadziwa kuti munthu akakuwonjezera sutsala ndi zochepa kuposa zimene unali nazo. Theka ndi 15, 2/5 ndi 12, ndipo yankho lenileni ndi 25. Sikuti 2/5 yaphonya pang'ono. Siyikufika n'komwe theka la yankho loyenera.

Tsopano funso ndi lakuti 25 ameneyu ndi fulakishoni yanji ya thireyi. Mwana akanena kuti 25/30 walondola, muyamikireni. Koma tembenuzani thireyi kuti aone mizere 6 ya timaenje 5. Ngati anadzaza motsatira mizere imeneyi, aona kuti timiyala tatenga mizere 3 ndendende, zitsekerero zatenga mizere 2 ndendende, ndipo mzere umodzi watsala. Theka lasanduka mizere 3 mwa 6, gawo lachitatu lija lasanduka mizere 2 mwa 6, zonse pamodzi mizere 5 mwa 6. Mulekeni alembe yekha:

1/2 + 1/3 = 3/6 + 2/6 = 5/6

Mzere wa masamu umenewu ndi womwe uja aphunzitsi analemba pa bolodi, koma tsopano nambala iliyonse ili ndi chinthu chimene mwana angachiloze ndi chala. Mufunseni kuti 6 ali pati mu thireyimo, 3 ali pati, 5 ali pati.

Chifukwa chake 6 sasanduka 12

Pa 3/6 + 2/6 m'pamene pali mtima wa nkhani yonse. Mwana wa njira yakale ija akanalemba 5/12. Mufunseni: "Titaika zitsekerero, kodi thireyi yakula? Ili ndi mizere ingati tsopano?" Ayankha kuti idakali 6. Chimene chachuluka ndi mizere yodzaza, yachoka pa 3 kufika pa 5. Mizere ya thireyi yonse sinasinthe, ndipo kukula kwa mzere umodzi sikunasinthe.

Manambala awiri a fulakishoni amagwira ntchito zosiyana. Ya pamwamba, imene kusukulu amati nyumereta, imawerenga: magawo angati? Ya pansi, dinomineta, siwerenga zimene tili nazo. Imanena kuti chinthu chathunthu chadulidwa pangati, ndiye kuti imatiuza kukula kwa gawo limodzi. Pa 3/6, 6 akunena kuti tikuwerenga mizere ya timaenje 5, ndipo 3 akunena kuti mizereyo ilipo itatu. Kuphatikiza ndi kuwerenga pamodzi, choncho kumakhudza nambala yowerenga yokha. Mizere 3 ndi mizere 2 ndi mizere 5, yokula chimodzimodzi ngati kale. Kulemba 12 pansi n'kunena kuti gawo lililonse lachepa ndi theka pamene tinali kuphatikiza, chinthu chimene sichinachitike mu thireyi.

Pali china chimene chimasokoneza ana pamenepa, ndipo n'chofunika kuchiona pa thireyi yomweyo. Nambala ya pansi ikamakula, gawo limachepa. Theka ndi 15, 1/3 ndi 10, 1/5 ndi 6, 1/6 ndi 5, 1/10 ndi 3. Kwa mwana amene wakula akudziwa kuti 10 ndi wamkulu kuposa 2, zimenezi ndi zachilendo. Koma akazigwira aona yekha chifukwa chimene njira yake imaperekera mayankho ochepa nthawi zonse: pophatikiza za pansi amakulitsa nambala ya pansi, potero amachepetsa magawo.

Nanga n'chifukwa chiyani sitinangophatikiza 1/2 ndi 1/3 mmene zinaliri, osadutsira ku 6? Chifukwa gawo limodzi linali la 15, linzake la 10. Tinganene kuti tili ndi magawo awiri, inde, koma awiri a chiyani? Si matheka awiri, chifukwa akanadzaza thireyi. Si magawo awiri a 10, chifukwa akanakhala 20. Magawo osiyana kukula sawerengedwa pamodzi mpaka titapeza muyeso umodzi umene ukulowa mwa onse awiri popanda chotsala. Mzere wa timaenje 5 umalowa katatu mu 15 ndi kawiri mu 10. Kufunafuna dinomineta yofanana, kumene ana amakuona ngati mwambo wongovutitsa, tanthauzo lake ndi lomweli.

Chithunzi chimene chimanamiza

Kholo lofuna kuthandiza limakonda kutenga pensulo n'kujambula. Lijambula bwalo limodzi, kulidula pawiri, kudetsa gawo limodzi. Pambali pake lijambula bwalo lina, kulidula patatu, kudetsa gawo limodzi. Kenako lifunsa kuti zonse pamodzi ndi zingati. Mwana awerenga zimene akuona: magawo odetsedwa alipo 2, magawo onse pa pepala alipo 5. Ayankha 2/5, ndipo ulendo uno ali ndi umboni umene mwamujambulira nokha.

Chithunzichi chalakwa pawiri. Magawo 5 aja si ofanana kukula, ndiye palibe limodzi mwa iwo limene ndi 1/5 ya chilichonse. Cholakwa chachiwiri n'chobisika kwambiri, ndipo chimatsala ngakhale magawo atafanana. Jambulani mabwalo awiri, lililonse lodulidwa panayi ndi gawo limodzi lodetsedwa, kuti muonetse 1/4 + 1/4. Mwana awerenga 2 mwa 8. Kunena zoona, sananame: magawo odetsedwa ndi 2/8 ya mabwalo awiri onse pamodzi. Koma funso linali la bwalo limodzi. Pamene tinkati 1/4 tinkayeza ndi bwalo limodzi, ndipo yankho liyenera kuyezedwa ndi bwalo limodzi lomwelo, ndiye 2/4. Mwana wasintha chinthu chathunthu samu ili m'kati, osadziwa kuti wasintha.

N'chifukwa chake thireyi ikhale imodzi, ndipo zonse ziikidwe m'menemo. Ngati mukujambula, jambulani chinthu chimodzi, makamaka chachitali ngati rula m'malo mwa bwalo, chifukwa kudula bwalo patatu mofanana ndi dzanja n'kovuta ngakhale kwa wamkulu. Rula ya kusukulu ya masentimita 30 imagwira ntchito yofanana ndi thireyi: theka lifika pa 15, kuwonjezera 10 kufika pa 25, pamene 2/5 ili kumbuyo pa 12. Thireyi yachiwiri ibwere pokhapokha yoyamba itasefukira, monga pa 2/3 + 1/2, pamene 20 ndi 15 apanga 35. Apo mwana aona thireyi imodzi yodzaza ndi mzere umodzi mu ina, ndiye 1 ndi 1/6, kapena 7/6, ndipo 6 wa pansi akunenabe za mizere ya thireyi imodzi.

"Koma aphunzitsi amaphatikiza za pansi"

Mwana wochenjera adzakutsutsani ndi kope lake lomwe. Pa mayeso oyamba anapeza malikisi 7/10, pa achiwiri 8/10, ndipo aphunzitsi analemba 15/20. Aphatikiza za pamwamba, aphatikizanso za pansi. Kodi aphunzitsi alakwa?

Sanalakwe, ndipo musamuuze mwana kuti zimenezo n'zina basi n'kusiyira pomwepo. Mwana wakhudza chinthu chenicheni. Njira yake ija si yopanda tanthauzo. Imayankha funso lina. Aphunzitsi atenga mayeso awiri a mafunso 10 n'kuwasandutsa mayeso amodzi a mafunso 20, ndipo akufunsa kuti pa mayeso aakuluwo mwana wakhoza gawo lanji. Asintha chinthu chathunthu mwadala. Zotsatira zake, 15/20, zili pakati pa 7/10 ndi 8/10, chifukwa 7/10 ndi 14/20 ndipo 8/10 ndi 16/20. M'pomveka: amene wakhoza bwinoko pa mayeso ena ndi bwino kwambiri pa ena, pa onse pamodzi ali pakatikati. Koma tikafunsa kuti malita 7/10 a mafuta ophikira ndi malita 8/10 ndi mafuta ochuluka bwanji, lita siyisintha, ndipo yankho ndi 15/10, lita imodzi ndi theka.

Zimenezi sizichitika pa manambala awa okha. Mukatenga mafulakishoni awiri osiyana, oposa ziro, n'kuphatikiza za pamwamba pazokha ndi za pansi pazokha, chotuluka chimagwera pakati pa awiriwo nthawi zonse. Pa thireyi paja 2/5 inali 12, pakati pa 10 ndi 15. Akatswiri a masamu anazidziwa kalekale: Nicolas Chuquet wa ku Falansa, m'buku lake la mu 1484, ankagwiritsa ntchito njira yomweyi mwadala pofuna kupeza nambala ya pakati pa manambala awiri. Apa m'pamene kholo lingapeze yankho la funso limene ana amakonda kufunsa, lakuti kodi palibe samu ina imene njira yawo ingakhoze. Palibe, malinga ngati mafulakishoni onse awiri ndi oposa ziro. Kuphatikiza kumapereka nambala yoposa onse awiri, pamene njira ya mwana imapereka nambala yosaposa wamkulu mwa awiriwo. Mayankho awiriwa sangakumane.

Kwa mwana wamkuluko, amene wayamba kale kufupikitsa mafulakishoni, pali umboni wina umene ine ndimaukonda chifukwa safuna chida chilichonse. Iye akudziwa kuti 1/2 ndi 2/4 ndi chinthu chimodzi. Ndiye 1/2 + 1/3 ndi 2/4 + 1/3 ziyenera kupereka yankho limodzi. Ayese ndi njira yake: yoyamba ipereka 2/5, yachiwiri 3/7. Akalemba theka ngati 3/6 apeza 4/9. Samu imodzi, mayankho atatu osiyana. Pa malikisi a mayeso zimenezi sizodabwitsa, chifukwa kukhoza funso 1 mwa 2 ndi kukhoza mafunso 3 mwa 6 ndi mayeso osiyana kukula. Pa manambala n'zosatheka. Njira yolondola imapereka 5/6 ulendo uliwonse: 2/4 + 1/3 ndi 6/12 + 4/12, ndiye 10/12, imene ndi 5/6 yomweyo.

Pamene thireyi yalephera

Thireyi ili ndi malire ake. Kota ya 30 ndi 7 ndi theka, ndipo dzira lodula pakati lingosokoneza phunziro. Samu ikakhala ndi 4 kapena 12 pansi, tengani wotchi ya mivi, kapena jambulani nkhope yake. Ola limodzi ndilo chinthu chathunthu, ndipo mphindi 60 zimagawika ndi 2, 3, 4, 5, 6, 10 ndi 12.

Tiyese 3/4 + 1/6. Musanawerengetse chilichonse, funsani: yankho likhala loposa 3/4 kapena lochepera? Mwana amene wamvetsa za thireyi ayankha mosazengereza kuti loposa. Njira yakale ikanapereka 4/10, imene pa wotchi ndi mphindi 24, pamene 3/4 yokha ndi mphindi 45. Yankholo lagwa lisanafike patali. Tsopano 1/6 ya ola ndi mphindi 10, ndipo 45 ndi 10 ndi 55. Muvi wautali waima pa 11. Nkhope ya wotchi inagawidwa kale magawo 12 a mphindi 5, choncho 45 ndi magawo 9, 10 ndi magawo 2, onse pamodzi 11:

3/4 + 1/6 = 9/12 + 2/12 = 11/12

Kuchokera apa mwana angathe kusiya zida n'kumapeza yekha nambala ya pansi. Alembe tebulo la 4: 4, 8, 12, 16. Alembe la 6: 6, 12, 18. Nambala yoyamba kupezeka m'matebulo onse awiri ndi 12, ndipo ndiyo imene aphunzitsi amaitcha LCM. Kuti 4 afike pa 12 wachulukitsidwa katatu, kutanthauza kuti kota iliyonse yadulidwa patatu, ndiye makota 3 asanduka tizigawo 9. Cholakwa chofala pa sitepe imeneyi n'kusintha za pansi n'kuiwala za pamwamba, kulemba 3/12 + 1/12 = 4/12. Mukachiona, bwererani ku wotchi: 3/12 ndi mphindi 15, kodi ndizo 45 zija?

Mwana akapanda kupeza 12, n'kungochulukitsa 4 ndi 6 kupeza 24, musamuletse. Apeza 18/24 + 4/24 = 22/24, ndipo akafupikitsa afika pa 11/12. Njirayo ndi yaitali pang'ono koma ndi yoona. Chimene ndimachikayikira ndi njira yachidule imene ana amaphunzitsana, yochulukitsa mopingasa n'kuphatikiza popanda kulemba mafulakishoni apakati aja. Imakhoza samu ya mafulakishoni awiri, koma imabisa 18/24 ndi 4/24, amene ndiwo akuonetsa chifukwa chake, ndipo mafulakishoni akakhala atatu mwana amasowa poyambira.

Mudziwa bwanji kuti wamvetsa

Kukhoza masamu khumi otsatizana tsiku lomwelo si umboni wokwanira. Mwana amatha kutsatira mapazi a chitsanzo chimene chili pamwamba pa tsamba osamvetsa kanthu. Dikirani padutse masiku, kenako mumupatse samu yolakwika ngati yalembedwa ndi mwana wina: 2/3 + 1/5 = 3/8. Mufunseni ngati angadziwe kuti ndi yolakwa popanda kuiwerengetsa. Akanena kuti "za pansi saphatikiza," waloweza lamulo. Akanena kuti 3/8 siyikwana n'komwe theka pamene 2/3 yaposa kale theka, waona kukula kwa manambala, ndipo ndicho tinkafuna. Akafuna kutsimikiza, thireyi ilipo: 20 ndi 6 apanga 26, ndiye 26/30, kapena 13/15.

Samu imeneyi ili ndi phunziro lina laling'ono. Pano mizere ya 5 siyithandiza chifukwa siyilowa mu 6, ndipo mizere ya 6 siyilowa mu 20. Muyeso umene ukulowa mwa onse awiri ndi timaenje tiwiritiwiri, timene tilipo magulu 15 mu thireyi. Mwana amene ankaganiza kuti yankho la pa thireyi limakhala ndi 6 pansi nthawi zonse aona kuti muyeso umasankhidwa molingana ndi samu.

Yembekezeraninso kuti cholakwacho chidzabwerera, ndipo nthawi yake ndi yodziwika: pamene kalasi yafika pa kuchulukitsa mafulakishoni. Kumeneko lamulo ndi lakuti za pamwamba zichulukitsane, za pansinso zichulukitsane, monga 1/2 × 1/3 = 1/6. Mwana amene anasiya kuphatikiza za pansi aona kuti pano za pansi zikukhudzidwa, n'kuganiza kuti mwina zololedwanso pa kuphatikiza. Tulutsaninso thireyi. Funso la 1/2 × 1/3 ndi lakuti theka la gawo lachitatu ndi chiyani: gawo lachitatu ndi 10, theka lake ndi 5, mzere umodzi, 1/6. Apa gawo ladulidwadi, lachepa, ndiye n'koyenera kuti nambala ya pansi ikule. Pa kuphatikiza palibe chimene chimadulidwa kupatula podzipezera muyeso wofanana. Mumuuze aike masamu awiriwa moyandikana m'kope, 1/2 + 1/3 ndi 1/2 × 1/3, adzaze iliyonse mu thireyi, kenako alembe pambali pa iliyonse chiwerengero cha timaenje: 25 pa yoyamba, 5 pa yachiwiri.